Mphindi 10 pa msonkhano: momwe mungachenjezere anthu za akuba a pa foni

Mwapatsidwa mphindi 10 pa msonkhano wa kwa amfumu, wa banki m'khonde kapena wa kumpingo kuti mulankhule za anthu amene akubera anzawo pa foni. Nthawiyi ndi yochepa, ndipo nthawi zambiri mumaimirira anthu atatopa kale ndi nkhani za chitukuko ndi zopereka. Mukati mutchule njira zonse za akathyali, anthu adzavomera ndi mutu, koma pofika kunyumba adzakhala ataiwala. Komanso njirazo sizikhalitsa. Lero ndi mphoto, mawa ndi Mtukula Pakhomo, mkuja ndi katundu wochokera ku Joni.

Pali chimodzi chokha chimene sichisintha. Pafupifupi kuba konseku kumatheka chifukwa mwini foni watumiza yekha ndalama kapena waulula yekha nambala yake yachinsinsi, ndipo wachita zimenezo wakubayo akadali kukhutu kwake, akumufulumizitsa. Choncho cholinga cha kulankhula kwanu chikhale chakuti anthu apite kwawo ndi chizolowezi chimodzi: kudula foni, ndi kufufuza okha kudzera njira imene akuidziwa kale. Zonse zili m'munsimu zakonzedwa kuti chizolowezi chimenechi chilowe m'zala za anthu.

1. Konzekerani kudakali masiku angapo

Yambani ndi kupita ku shopu yeniyeni ya kampani ya foni, kapena kwa ejenti amene anthu a dera lanu amamudziwa bwino. Funsani nambala yothandizira makasitomala ya Airtel ndi ya TNM, muzilembe, kenako muziimbe nokha kuti mutsimikize kuti zikugwira. Musatenge nambalazi pa uthenga wa pa gulu la WhatsApp, chifukwa akuba amafalitsanso nambala zawo ponamizira kuti ndi za ofesi. Lembaninso nambala ya polisi ya kwanuko kapena ya wapampando wa chitetezo cha m'mudzi. Zonsezi muzilembe pa pepala lalikulu ndi zilembo zoti agogo a kumbuyo awerenge, kapena pa bolodi ngati msonkhano uli pa sukulu.

Kenako pezani mauthenga awiri. Woyamba ukhale weniweni, umene munalandira wina atakutumizirani ndalama. Wachiwiri ukhale wabodza. Simudzavutika kuupeza. Funsani anthu asanu okha, mmodzi adzakhala nawo m'foni mwake. Mupempheni mwini wake akubwerekeni foniyo pa tsikulo, kapena mulembe mawu ake pa pepala monga momwe alili, ndi zolakwika zake zomwe.

Chomaliza, pezani mnzanu woti muchite naye kasewero. Sankhani munthu wolankhula bwino, wa mawu okhazikika, amene angamveke ngati wa mu ofesi. Musasankhe wanthabwala kwambiri. Anthu akaseka mopitirira amaganiza kuti wakuba ndi munthu wopusa woti angamuzindikire msanga, pamene weniweniyo amalankhula mwaulemu kuposa ambiri a ife. Yeserani kamodzi kapena kawiri, ndipo kasewero kasapitirire mphindi 3.

2. Mphindi yoyamba: chotsani manyazi

Lonjerani mwaulemu monga mwa mwambo wa malowo, amfumu ndi nduna zawo poyamba, kenako amayi ndi abambo, koma musatalikitse. Mukatero funsani funso ili: "Ndani pano analandirapo uthenga kapena foni yomuuza kuti wapambana mphoto, kapena yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi?" Kwezani dzanja lanu poyamba. Manja adzakwera ambiri, ndipo anthu akayang'anizana adzaona kuti nkhaniyi ndi ya aliyense.

Musafunse kuti "ndani anaberedwapo?" Funso limenelo limatseka pakamwa. M'gulumo muli mayi amene anataya ndalama za fetereza ndipo mpaka lero sanawauze amuna ake. Mulinso bambo amene anatumiza ndalama za gulu. Mukawaloza, ngakhale ndi maso okha, sadzamvanso china chilichonse chimene munganene. Ndimaumirira pamenepa chifukwa manyazi ndi amene amasunga kubaku. Woberedwa akakhala chete, nambala yomweyo imaimbira mnansi wake mawa lake. Nenani momveka kuti aphunzitsi, azibusa, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi nawonso amaberedwa, ndipo kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musatchule dzina la wina aliyense, ngakhale nkhani yake ikudziwika mudzi wonse.

3. Kasewero ka mphoto, ndi malo oimikira

Apa ndi pamene pali mtima wa kulankhula kwanu, choncho perekanipo nthawi. Mnzanu uja aime kumbali ndi foni kukhutu. Inu mukhale mayi amene wangogulitsa mtedza ndipo ali ndi K90,000 m'foni. Uzani anthu kuti akangomva chinthu chokayikitsa aombe m'manja, ndipo pomwepo muimitse kasewero ndi kufunsa amene waomba kuti wamva chiyani.

Woimbayo ayambe chonchi: "Muli bwanji mayi? Ndikuimba kuchokera ku likulu lathu. Ndikufuna ndikuyamikireni, nambala yanu yasankhidwa pa mpikisano wa mwezi uno, mwapambana K2,000,000."

Ngati palibe waomba, imani nokha. Funsani gulu kuti: mayiyu analowa mpikisano uti? Makampani amachititsadi mipikisano, koma amailengeza pa wailesi, pa kanema ndi m'nyuzipepala, ndipo amafotokoza momwe munthu amalowera. Mphoto ya mpikisano umene simunaumvepo, ndiponso simunaulowe, ndi chizindikiro choyamba. Onjezani kuti ayang'ane nambala imene yaimbayo. Ngati ndi nambala wamba ya manambala 10 yoyamba ndi 09 kapena 08, ngati ya mlamu wanu, imeneyo ndi foni ya munthu m'thumba mwake.

Pitirizani. Woimbayo anene kuti: "Tisanatumize, tiyenera tione ngati akaunti yanu ingathe kulandira ndalama zochuluka chonchi. Muli ndi zingati panopa?" Inu muyankhe mosangalala kuti K90,000.

Imaninso. Anthu ambiri pamenepa saombapo, chifukwa funsolo limamveka lopanda vuto. Koma afunseni: kampani imene ikusunga ndalama zanu ingafunse inu kuti muli ndi zingati? Iyo ikuziona kale. Wofunsayo akuyeza kukula kwa chimene angakubereni. Kuyambira pamenepo zonse zimene apemphe zidzagwirizana ndi K90,000 imene mwamuuza.

Tsopano woimbayo apemphe ya kalembera, K15,000 yokha, yoti abweza pamodzi ndi mphoto. Inu mutumize. Pakadutsa kanthawi aimbenso: bwana wasaina, koma patsala msonkho wa boma, K40,000. Mutumize. Aimbenso kachitatu: galimoto yobweretsa cheke ndi ojambula yanyamuka, koma pakufunika K30,000 ya mafuta, ndipo mukachedwa mphindi 20 mphoto ipita kwa wachiwiri. Pemphani gulu liwerengetse mokweza. K15,000 kuphatikiza K40,000 kuphatikiza K30,000 ndi K85,000. Mukaonjezapo ndalama zotumizira, mtedza wa chaka chonse watha, ndipo nambala ija siikupezekanso.

Khalanipo pang'ono pa funso lakuti n'chifukwa chiyani mayiyu anatumiza kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa ndi pamene anthu amaweruzira anzawo molakwa. Ndalama yoyamba imakhala yochepa dala, yoti munthu anene kuti ngakhale itatayika si kanthu poyerekeza ndi mamiliyoni. Koma akangotumiza, amakhala wamangika. Kukana yachiwiri ndi kuvomereza kuti yoyamba ija yapita, ndipo mtima wa munthu sufuna kuvomereza zimenezo. Amatumizanso pofuna kupulumutsa zimene wataya kale. Uzani anthu kuti ngati anatumizapo kale kamodzi, nthawi yabwino yoima ndi pomwepo, ndipo kuima pa K15,000 si kugonja.

Pali zinthu zina ziwiri zimene woimbayo aziike m'kasewero. Anene kuti, "Musadule foni mayi, kompyuta ikugwira ntchito," ndiponso kuti, "Musauze aliyense, anthu ndi ansanje, ngakhale ejenti musamuuze." Mawu awiriwa ndi amene amamuteteza wakuba. Akudziwa kuti mukangodula ndi kufunsa mwana wanu, mnansi kapena ejenti, bodza lake latha. Munthu wa ntchito yeniyeni saopa kuti mufunse wina, ndipo mphoto yeniyeni siithawa chifukwa mwapempha ola limodzi. Mphoto yeniyeni siigulidwanso. Ngati pali msonkho, sautolera potumiza ku nambala ya munthu.

Tsirizani kasewero pokabwereza mwachidule. Woimbayo ayambenso mawu ake oyamba aja, inu munene kuti, "Zikomo bambo, ndiimbira ku ofesi ndekha," n'kudula. Anthu aone kuti zatha m'masekondi ochepa. Ambiri, makamaka akuluakulu, amaona ngati kudulira munthu foni ndi mwano, ndipo akuba amadyera ulemu umenewu. Apatseni mawu aulemu oti atulukire, ndipo gulu lonse liwanene mokweza kawiri.

4. Uthenga wabodza m'manja mwa anthu

Njira yachiwiri yoyenera kuionetsa ndi ya "ndatumiza molakwika". Uthenga umalowa wonena kuti mwalandira K50,000. Musanaganize n'komwe, foni ikulira, ndipo wina akudandaula, mwinanso kulira kumene: ndalamazo zinali za kuchipatala, mwana wadwalika, chonde mubweze, mutsalepo K5,000 ya zikomo. Munthu wachifundo amatumiza K45,000 kuchokera pa ndalama zake, pamene palibe ngakhale tambala imene inalowa. Uthenga uja anachita kulemba pamanja potengera weniweni.

Kwezani mafoni awiri aja, ndipo ayende m'manja mwa anthu a kutsogolo. Aonetseni pamwamba pa uthenga, pamene pamaoneka wotumiza. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, ndipo umagwera pa mndandanda womwewo wa mauthenga akale a ndalama. Wabodza nthawi zambiri umachokera ku nambala wamba ndipo umaima pawokha. Kawirikawiri umakhalanso ndi zilembo zolakwika, kapena balansi yosagwirizana ndi imene mukuidziwa.

Koma musawasiye anthu akukhulupirira kuti maso okha akwanira. Alipo akathyali amene amabwereka foni yanu ngati akufuna kufulasha m'bale wawo, n'kusunga nambala yawo m'foni mwanu ndi dzina la kampani. Uthenga wawo ukabwera umaoneka ndi dzina limenelo. Ma ejenti ndi ogulitsa m'magolosale ndi amene amakumana nazo kwambiri zimenezi. Ndiye umboni wokhawo wodalirika ndi balansi imene mwaiona nokha. Lembani pa bolodi:

```
Airtel Money   *211#
TNM Mpamba     *444#
```

Pemphani aliyense amene ali ndi foni aitulutse, aimbe nambala ya kampani yake, atsatire mpaka aone balansi, ataphimba ndi dzanja polemba nambala yachinsinsi. Mphindi imodzi imeneyi musaidumphe ngakhale wapampando akuyang'ana wotchi. Mudzapeza kuti ena sanaonepo balansi okha chigulireni foni, amangodalira ejenti kapena mdzukulu. Achinyamata awathandize kupeza poyambira, koma pofika pa nambala yachinsinsi atembenuke, mwini wake alembe yekha.

Wina adzafunsa kuti: nanga ndalamazo zikakhala kuti zalowadi? Zimachitika, anthu amaphonyadi manambala. Yankho ndi lakuti musazidye, komanso musazitumize ku nambala imene woimbayo akutchula. Muuzeni aimbire kampani, chifukwa ili ndi njira yobwezera ndalama zosochera kwa amene anatumizadi. Inunso mukhoza kuimba kapena kupita ku shopu kukanena. Wolakwitsa weniweni amavomera zimenezi. Wakuba amakwiya, amatukwana, kapena amayamba kuopseza kuti akutengerani ku polisi kapena kwa sing'anga.

5. Nambala yachinsinsi

Aliyense anamvapo kuti pini sauza munthu. Komabe anthu amaberedwa, chifukwa wakuba wochenjera sanena kuti "ndiuzeni pini". Amakuyendetsani kuti muilembe nokha pa malo amene iye akufuna. Fotokozani mmene zimakhalira. Amati imbani nambala ya ndalama ija, dinani apa, dinani apo, mofulumira kuti musawerenge zimene zalembedwa. Kenako amati lembani "nambala ya mphoto yanu", pamene imeneyo ndi nambala ya foni yake kapena ya ejenti amene iye waimapo. Amati lembani "kodi yotsegulira", mwachitsanzo 40000, pamene ndi kuchuluka kwa ndalama. Pomaliza amati, "Pini yanu musandiuze ine, ndi yachinsinsi, ingolembani pomwepo." Mawu amenewa amamukhazika mtima pansi munthu, chifukwa akufanana ndi malangizo amene anamva pa wailesi. Akangolemba, K40,000 yatuluka.

Mfundo yoti anthu aigwire ndi iyi: polandira ndalama simulemba pini. Wina akakutumizirani, zimangolowa ngakhale muli m'tulo. Pini imafunika pamene ndalama zikuchoka, kapena pamene inu mwayamba nokha kuona za mu akaunti yanu. Ndiye aliyense wokuuzani pa foni kuti mulembe pini kuti mulandire, kuti akonze netiweki, kapena kuti nambala yanu isatsekedwe, akukutulutsirani ndalama. Chimodzimodzi uthenga wongotulukira pa foni wopempha pini pamene simukugula kapena kutapa kanthu: ukaneni.

Onjezani mwachangu kuti chaka chobadwa si pini yabwino, chifukwa chalembedwa pa chiphaso cha unzika, ndipo kapepala ka pini kasakhale kuseri kwa foni.

6. Nkhope zina, mwachidule

Mwatsala ndi mphindi ziwiri kapena zitatu, choncho izi muzingozitchula, ndipo pa iliyonse funsani gulu kuti "tichita chiyani?" kuti ayankhe okha kuti tidula ndi kufufuza.

Wina amaimba kuti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa zipangizo zotsika mtengo zaulimi, koma mutumize ya fomu. Mayina a mapologalamu amenewa amadzera kwa mafumu, makomiti, alangizi ndi ofesi ya DC, ndipo sagulidwa pa foni. Funsani alangizi kapena amfumu. Wina amati ndi dalaivala, wanyamula katundu wa m'bale wanu wa ku Joni, wamangika pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, mutumize ya msonkho. Imbirani m'bale wanuyo pa nambala imene mumalankhulana nthawi zonse, osati imene dalaivalayo wakupatsani. Wina amati ndi mphunzitsi kapena dokotala, mwana wanu wavulala. Iyi ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa kholo likamva zimenezo nzeru zimathawa. N'chifukwa chake kholo lililonse lisungiretu nambala ya aphunzitsi aakulu kapena ya woyang'anira ana ku sukulu yogonera. Ndipo uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, foni yanga yavuta" amautumiza kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, podziwa kuti mmodzi mwa iwo analidi pafupi kutumizira wina ndalama tsiku limenelo.

Kwa amene ali ndi mafoni a intaneti, tchulani ziwiri. Linki yolonjeza data yaulere kapena mphatso mukaitumiza ku magulu ena ndi msampha. Ndipo manambala 6 amene WhatsApp imakutumizirani musapatse munthu, ngakhale akulemba ndi dzina la mnzanu wa kumpingo. Akawatenga amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

7. Ngati ndalama zapita kale

Gawo ili musalisiye, chifukwa ena m'gulumo ndi limene akulidikira mwakachetechete. Lankhulani pang'onopang'ono.

Choyamba ndi liwiro. Imbirani kampani nthawi yomweyo pa nambala zili pa bolodi zija, kapena thamangirani ku shopu yawo. Ngati wakubayo sanatape kapena kusamutsa ndalamazo, pamakhala mwayi woti zigwidwe. Koma akuba amatapa mofulumira, ndiye amene wadikira mpaka mawa chifukwa cha manyazi mwayi wake wachepa kwambiri. Musawalonjeze anthu kuti ndalama zibwerera. Nthawi zambiri sizibwerera, ndipo mukalonjeza adzasiya kukukhulupirirani pa zina zonse.

Musafufute uthenga uliwonse. Mu uthenga wotsimikizira kuti mwatumiza muli nambala ya malondawo, nambala ndi dzina la wolandira, tsiku ndi nthawi. Zimenezi ndi zimene a kampani ndi apolisi adzafunse. Sinthani pini ngati munailemba kapena kuitchula. Kenako kaneneni ku polisi, mutatenga foni ndi chiphaso. Kuba kwa pa foni ndi mlandu ngati kuba kwina kulikonse, ndipo dziko lino lilinso ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa makina a intaneti. Madandaulo okhudza mafoni amalandiridwanso ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi. Ngakhale ndalama zisabwerere, kunena kumathandiza kuti nambalayo itsekedwe.

Chenjezaninso za foni yachiwiri. Patapita tsiku kapena awiri, wina akhoza kuimba kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani, wakubayo wagwidwa, mutumize ya mafuta kuti ndalama zanu zibwezedwe. Ndi gulu lomwelo, likudziwa dzina lanu ndi kuchuluka kwa zimene munataya chifukwa ndi limene linatenga.

8. Mafunso amene amabwera

Konzekerani atatu awa.

"Anadziwa bwanji dzina langa?" Anthu ambiri amakhulupirira woimba chifukwa wawatchula dzina lonse. Onetsani pomwepo: munthu akayamba kutumiza ndalama ku nambala yanu, dzina limene munalembetsa kawirikawiri limaoneka, ndipo akhoza kuliwerenga n'kusiya. Manambala athu alinso m'mabuku a ma ejenti, pa mindandanda ya misonkhano, m'magulu a WhatsApp ndi pa zikwangwani za malonda. Kudziwa dzina si umboni wa chilichonse.

"Popeza manambala analembetsedwa, bwanji sagwidwa?" Kulembetsa simu khadi ndi chiphaso kunakhala kokakamiza mu 2018, koma akuba amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, zotayika, zobedwa kapena zobwereka. Apa ndi pabwino kuwauza anthu kuti asalole munthu kulembetsa nambala ndi chiphaso chawo, ngakhale awapatse ya sopo, chifukwa nambalayo ikaba, dzina limene lidzatuluke ndi lawo. Chiphaso chikatayika, kaneneni ku polisi.

"Foni yanga inangosiya kugwira netiweki, kenako ndalama zinasowa." Pamenepa mwina wina anakatulutsa simu khadi ina ya nambala yomweyo ponamizira kuti ndi mwini wake. Chizindikiro chake ndi chakuti foni yanu yokha ilibe netiweki pamene a nambala za kampani yomweyo pafupi nanu ali nayo, ndipo kuzimitsa ndi kuyatsanso sikukuthandiza. Musadikire. Bwerekani foni muimbire kampani, kapena pitani ku shopu ndi chiphaso tsiku lomwelo. Ngati nambalayo ndi yolumikizidwa ku banki, adziwitseninso a banki.

Funso limene simukulidziwa yankho lake musalipekere. Nenani kuti mukafunsa ku shopu ndipo mudzayankha pa msonkhano wotsatira. Wina akayamba kufotokoza nkhani yake yaitali, mumvereni pang'ono, mumuthokoze chifukwa cha kulimba mtima, kenako mumupemphe kuti mucheze msonkhano ukatha. Wina akayamba kuloza chala ejenti wa pa msika kapena mnyamata wa m'mudzimo popanda umboni, dulani nkhaniyo mwaulemu ndi kuitumiza kwa amfumu ndi apolisi. Msonkhano wochenjeza usasanduke bwalo la milandu.

9. Musanakhale pansi

Pemphani aliyense atembenukire kwa amene wakhala naye pafupi, ndipo asankhe munthu mmodzi amene azimufunsa asanatumize ndalama kwa munthu wosamudziwa: mwana, mlamu, mlembi wa gulu, mkulu wa mpingo. Agogo amene sawerenga ndi amene akufunika kwambiri munthu wotereyu, ndipo akhale wokhala pafupi, osati wa ku tauni amene foni yake siipezeka. Ngati ndi gulu la banki m'khonde, pemphani kuti alembe m'malamulo awo kuti ndalama za gulu sizichoka m'foni popanda anthu awiri kapena atatu kukhalapo, ndipo kuti msungichuma sasintha nambala yolandirira ndalama kudzera pa uthenga, koma pamaso pa gulu.

Perekani mphindi imodzi yoti anthu asunge m'mafoni mwawo nambala zili pa bolodi, ndipo achinyamata azungulire kuthandiza. Pepala lalikulu lija lisiyeni pa malo oonekera, pa chigayo, pa khomo la tchalitchi kapena la mzikiti, kapena pa benchi la ejenti ngati walola. Kenako pemphani wapampando kuti pa msonkhano wotsatira akupatseni mphindi ziwiri zokha zofunsa ngati pali uthenga watsopano umene wafika m'deralo, kuti amene waulandira auwerenge mokweza pamodzi ndi nambala imene unachokera.